Momwe mungasankhire pulogalamu yolembera mawu a kwaya pa foni

Musanatsegule Play Store, tengani kope lomwe kwaya yanu imalembamo nyimbo ndipo muone zomwe zilimo. Ngati mwapezamo d, r, m, f, s, l, t pamodzi ndi timadontho ndi timizere toima, kwaya yanu imawerenga solofa, monga makwaya ambiri a m'matchalitchi ndi m'masukulu kuno kwathu. Njira imeneyi anaifalitsa ndi John Curwen ku Mangalande kuyambira m'zaka za m'ma 1840, potengera ntchito ya Sarah Glover, ndipo inatipeza kudzera mwa amishoni. Koma mapulogalamu otchuka olembera nyimbo anapangidwira manoti a pamizere isanu, omwe ena amawatcha sitafu. Ambiri amagwa pamenepa: amatha bando kutsitsa pulogalamu yokongola, kulemba nyimbo usiku wonse, koma pofika ku pulakatisi amayi a alito n'kungoliyang'ana pepalalo ngati kalata ya chinenero chachilendo.

Choncho choyamba n'kudziwa chomwe mukufuna kupereka m'manja mwa oimba. Kodi ndi pepala loti aziwerenga, kapena ndi kanyimbo koti aliyense azimvera liwu lake kunyumba? Zimenezi ndi ntchito ziwiri, ndipo si kawirikawiri kuti pulogalamu imodzi izigwire zonse bwino.

Ngati mukungofuna pepala la solofa

Apa mwina simukufunika pulogalamu ya nyimbo n'komwe. Solofa ndi zilembo wamba zomwe zili kale pa kiyibodi ya foni yanu. Chomwe chimavuta ndi chimodzi: kuti manoti a sopulano, alito, tena ndi besi ayimirire pamzere umodzi kuchoka pamwamba kufika pansi. M'zilembo za masiku onse `m` ndi wonenepa pomwe `l` ndi woonda, ndiye mizere imayamba kusemphana mukangolemba mabala awiri. Mankhwala ake ndi zilembo zofanana m'lifupi. Mu Google Docs kapena Word sankhani `Courier New`. Pa WhatsApp ikani tizindikiro itatu ta ` kumayambiriro ndi kumapeto kwa uthenga, zilembo zonse zidzafanana.

Nayi mizere yomwe ndapeka kuti tiyesere, mabala awiri a mabiti anayi anayi:

```
Doh = F
S |m   :m  !f  :m  |r  :r  !d  :- |
A |d   :d  !d  :d  |t1 :t1 !s1 :- |
T |s   :s  !l  :s  |s  :f  !m  :- |
B |d   :d  !f1 :d  |s1 :s1 !d  :- |
   Mti-ma  wa-nga   wa-ko-ndwa
```

Kamzere koima ndi poyambira bala, madontho awiri ndi biti yofooka, ndipo `!` ndaika m'malo mwa kamzere kakafupi ka pakati pa bala chifukwa pa foni kameneka n'kovuta kukapeza. Noti ya pansi ndailemba `s1`. Ena amalemba `s,` koma ine sindizikonda, chifukwa mu solofa kachizindikiro kameneka kali kale ndi ntchito yake yogawa biti pazigawo zinayi, ndipo tsiku lomwe mudzalembe nyimbo yothamanga mudzasokoneza anthu.

Pa Play Store pamapezekanso timapulogalamu tolembera solofa yeniyeni, tina n'kumaimba zomwe mwalemba. Timabwera n'kumapita, ndipo ubwino wake umasiyana kwambiri. Kalikonse komwe mwapeza kayeseni ndi mizere ili pamwambayi, kenaka muone ngati kakudziwa manoti okwezedwa kapena otsitsidwa pang'ono monga `fe`, `ta` ndi `se`. Kakakana manoti amenewa, nyimbo zambiri za m'buku simudzatha kuzilemba.

Ngati mukufuna kuti foni iziimba mawu onse anayi

Apa ndiye mapulogalamu a mizere isanu ali ndi phindu, ngakhale kwaya yanu isamawerenge sitafu. Inuyo mumalemba kamodzi, kumvera ngati mawu akugwirizana, kenaka n'kutumizira gulu lililonse liwu lake.

Dzina lomwe ambiri amalimva koyamba ndi MuseScore, ndiye ndichenjezeretu. Pulogalamu yolembera, MuseScore Studio, ndi yaulere koma ndi ya pa kompyuta. Ya pa foni ija ntchito yake ndi kutsegula, kuwerenga ndi kumvera nyimbo zomwe zalembedwa kale. Musataye bando poganiza kuti mulemberamo.

Zomwe zimalembadi pa foni ndi monga Notion Mobile, Flat ndi Sibelius. Notion Mobile mumaitsitsa mwaulere ndipo mukaiika imagwira popanda intaneti. Poifufuza samalani, chifukwa pali pulogalamu ina ya dzina la Notion yomwe ndi yosungira zolemba za ku ofesi, si ya nyimbo ayi. Flat imafuna kuti mutsegule akaunti, imasunga nyimbo zanu pa intaneti, ndipo akaunti yaulere ili ndi malire pa chiwerengero cha nyimbo. Ubwino wake ndi woti anthu awiri akhoza kukonza nyimbo imodzi aliyense ali kwawo. Sibelius yaulere ili ndi malire pa chiwerengero cha mizere ya oimba. Kwa sopulano, alito, tena ndi besi zikwanira, koma onani kaye ngati ikulola kuwonjezera mzere wa wotsogolera nyimbo, monga zimakhalira nyimbo zathu zambiri zoyamba mmodzi ena n'kuvomera. Dorico ilipo pa iPad, osati pa foni.

Mitengo ndi malire a zaulere zimasintha, ndiye musakhulupirire za pa chithunzi chotsatsa. Tsitsani ziwiri, makamaka pamalo pomwe pali Wi-Fi, ndipo zonse muziyese ndi nyimbo imodzimodzi.

Kuyesa kwake

Tsegulani nyimbo yatsopano, musankhe mtundu wolembedwa `SATB` kapena `Choir`. Ikani kiyi ya F, yomwe ili ndi chizindikiro chimodzi cha ♭, ndi nthawi ya `4/4`. Mu kiyi imeneyi d ndi F, r ndi G, m ndi A, f ndi B♭, s ndi C, l ndi D, t ndi E. Sopulano wa nyimbo yathu ija ndiye akhala A, A, B♭, A, kenaka G, G, F. Lembani mawu onse anayi muli ndi wotchi pafupi. Pa sikirini yaing'ono chala chimagwa pamzere wolakwika kawirikawiri, ndiye pulogalamu yomwe ili ndi kapiyano kodinapo pansi imapulumutsa nthawi kuposa yomwe imafuna kuti mulase mzere weniweniwo. Mabala awiri akakutengerani mphindi khumi, ganizirani za nyimbo ya mabala 32.

Tsopano dinani kuti iimbe, ndipo mutchere khutu kwa tena. Pamenepa pali msampha womwe umakola ngakhale akwayamasitala odziwa. Mu solofa, tena ndi besi amalembedwa okitevu imodzi pamwamba pa pomwe amamvekera. Mu kiyi yathu ya F, mwamuna akaona `s` amaimba C wa pakati pa piyano, pomwe mayi akaona `s` yemweyo amaimba C wa pamwamba pake. Mu sitafu nkhaniyi imakonzedwa ndi chizindikiro choyambira mzere: cha tena chimafanana ndi cha sopulano koma chili ndi ka 8 pansi pake. Pulogalamu ikakupatsani chopanda ka 8, tena wanu adzamveka pamwamba pa sopulano, nyimbo yonse n'kumveka ngati yaimirira chamutu. Mu nyimbo yathu yoyesera, noti yoyamba ya tena iyenera kumveka pansi pa ya alito, ndipo besi ayambire pa F wa pansi pa C wa pakati. Zikamveka mwina, fufuzani `Clef` musinthe. Mukalephera kupeza posinthira, pulogalamuyo si ya kwaya, ichotseni.

Kenaka ikani mawu a nyimbo. Pafupifupi mapulogalamu onsewa amagwira mofanana: mumadina noti yoyamba, kusankha `Lyrics`, n'kulemba silabo imodzi, `-` amakupititsani pa noti yotsatira m'liwu lomwelo, ndipo mpata umayambitsa liwu lina. Kiyibodi ya foni ndiye imachita mwano apa, imasandutsa "wa" kapena "ko" kukhala mawu a Chingerezi, choncho zimitsani kaye kukonza mawu kokhakokha. Ndasankha dala liwu loti "mtima". Makwaya ena amaimba "mti" pa noti imodzi, ena amapatsa "m" noti yakeyake. Ngati kwanu ndi achiwiriwa, biti yoyamba igawike pawiri, mu solofa `m.m`, ndipo mu sitafu noti imodzi ija isanduke timanoti tiwiri ta theka la biti. Yesani kusintha kumeneku m'mawu onse anayi. Pulogalamu yabwino imakulolani kugawa notiyo osasuntha zotsatira. Yoipa imakankha bala lonse n'kusokoneza masilabo mpaka kumapeto. Onaninso ngati ikulola ndime yachiwiri ndi yachitatu pansi pa manoti omwewo.

Chotsatira n'chimene chimapangitsa oimba kukuthokozani. Fufuzani `Mixer`, pomwe pamakhala mabatani a `Solo` ndi `Mute`. Kwezani alito, ena atatuwo muwatsitse koma osawazimitsiratu, kuti woimba azimva liwu lake lili pakati pa anzake. Liwiro litsitseni, mwachitsanzo kuchoka pa mabiti 96 pa mphindi kufika pa 72. Mawu a kwaya omwe mapulogalamuwa amatulutsa ndi "aa" kapena "uu" chabe, satchula mawu a nyimbo, ndipo nthawi zambiri amayamba mochedwa moti biti siimveka bwino. Ine ndimasinthira onse ku piyano.

Kutulutsa nyimbo mu pulogalamu

Musanalembe nyimbo yachiwiri, onani `Export` kapena `Share`. Mukufunika zinthu zitatu. `PDF` ndi yopita nayo kosindikiza ndi kochita fotokope. Fayilo yomvera, `MP3` kapena `WAV`, ndi ya pa gulu la WhatsApp. `WAV` ndi yolemera, pafupifupi mamegabaiti 10 pa mphindi imodzi, pomwe `MP3` ya mphindi yomweyo imangokhala cha pa megabaiti imodzi, ndiye kumbukirani a besi omwe amagula bando ya tsiku limodzi. Chachitatu ndi `MusicXML`, chomwe anthu amachinyalanyaza mpaka tsiku lomwe foni yagwera m'madzi kapena pulogalamu yayamba kufuna ndalama. Fayilo imeneyi imatseguka m'mapulogalamu ena a nyimbo, kuphatikizapo MuseScore Studio pa kompyuta, manoti ndi mawu ali momwemo. `MIDI` si yolowa m'malo mwake: imasunga kamvekedwe ka manoti, koma kaonekedwe ka pepala kamatayika.

Mapulogalamu ena amakulolani kulemba mwaulere koma pofika potulutsa m'pomwe amakuonetsani mtengo. N'chifukwa chake kuyesaku kuchitike ndi mabala awiri, osati ndi nyimbo ya Isitala yomwe mwaivutikira sabata yathunthu. Pomaliza zimitsani data, mutseke pulogalamuyo, muitsegulenso, muone ngati nyimbo yanu ikutseguka. Ku tchalitchi komwe netiweki imapezeka pansi pa mtengo umodzi wokha, yankho la funso limeneli likhoza kusankha palokha.

Kwa kwaya ya solofa, chomwe ndaona kuti chimayenda ndi kuphatikiza ziwirizi: kulemba mu sitafu kuti ndimve ngati mawu akugwirizana ndi kutulutsa zomvera zinayi, kenaka kukopera solofa yake mu `Courier New` n'kusindikiza. Mafayilo muwapatse mayina omveka, monga `Mtima_alito_72.mp3`, chifukwa mukatumiza anayi opanda mayina pa gulu limodzi, Loweruka mudzapeza theka la atena laloweza liwu la alito.