Funso la pa chithunzi lakupatsani ma Σ okha: kapezedwe ka mzere wa lisiti sikweya pamanja

Masiku ano funso la mzere wa lisiti sikweya, mzere woongoka umene umadutsa pafupi kwambiri ndi mfundo zonse za x ndi y zimene anayeza, limakonda kufika ngati chithunzi. Wina wajambula tsamba la buku kapena pepala la mayeso ndi foni, wakutumizirani kuti mumuthandize. Mukachitsegula simupezamo tebulo la ma x ndi ma y, koma manambala ochepa ophatikizidwa kale, iliyonse ili ndi chizindikiro cha Σ kutsogolo kwake. Masamu ake ndi aafupi, okwana theka la tsamba. Chogwetsa anthu ambiri si fomula ayi, koma kuti panjira pamakhala kuchotsera manambala awiri aakulu oyandikana, ndiye cholakwika chaching'ono chimene mwalowa nacho chimatuluka chitakula. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pa mfundo imeneyi.

Tiyeni tigwire funso limodzi. Tinene kuti anayeza mbewu zisanu ndi zitatu, x ndi masabata chibzalire, y ndi kutalika kwa mbewu m'masentimita, ndipo pa chithunzi palembedwa izi:

```
n = 8      Σx = 56      Σy = 192
Σx² = 470  Σy² = 5158   Σxy = 1550
```

Akufuna mzere wa y = a + bx, komanso kutalika kumene tingayembekezere pa sabata ya 11.

Musanakhudze kakyuleta, kulitsani chithunzicho ndi kukopera manambala onse papepala lanu, iliyonse ndi dzina lake. Pa chithunzi chojambulidwa mopendekeka kapena mumdima, kanambala 2 kakang'ono ka pamwamba paja ndi kamene kamayamba kusowa, moti Σx² imaoneka ngati Σx. Nazo 1 ndi 7, 3 ndi 8, 5 ndi 6 zimasokonekera, ndipo kadontho ka desimali kamafanana ndi kachitsotso ka papepala. Onaninso ngati n ilipo. Nthawi zina sailemba pamodzi ndi anzake, imabisala m'chiganizo choyamba cha funso, ndipo wojambula akadula pamwamba pa tsamba imapita nayo. Popanda n palibe chimene mungachite, muuzeni ajambulenso.

Tsopano siyanitsani zinthu ziwiri zofanana maonekedwe. Σx² ikutanthauza kuti x iliyonse anaichulukitsa ndi iyo yomwe, kenako anaphatikiza zonse, n'kupeza 470. (Σx)² ndi ina: mumatenga 56 yophatikiza kale ija n'kuichulukitsa ndi 56, mupeza 3136. Yoyambayo amakupatsani, yachiwiriyo mumapanga nokha.

Pezani ma avereji kaye. Ya x, imene imalembedwa x̄, ndi 56 kugawa ndi 8, ndiye 7. Ya y, imene imalembedwa ȳ, ndi 192 kugawa ndi 8, ndiye 24. Zisungeni pambali, mzere wathu uyenera kudutsa pa mfundo ya (7, 24) zivute zitani. Kenako pezani manambala atatu awa:

```
Sxx = Σx² − (Σx)²/n    = 470 − 392   = 78
Sxy = Σxy − (Σx)(Σy)/n = 1550 − 1344 = 206
Syy = Σy² − (Σy)²/n    = 5158 − 4608 = 550
```

Sxx ikutiuza mmene ma x amwazikira kuzungulira avereji yawo, Syy chimodzimodzi kwa ma y, pamene Sxy ikusonyeza ngati x ndi y zimakwerera limodzi kapena ina ikamakwera inzake imatsika. Syy sifunika popeza mzere, komabe ine ndimati iwerengeni ndithu ngati Σy² yaperekedwa, chifukwa ndiyo ingakugwirireni nambala yowerengeka molakwika.

Imagwira motere. Sxx ndi Syy sizingakhale pansi pa ziro, poti ndi masikweya ophatikizidwa. Mukanawerenga 470 ija ngati 370, Sxx ikanatuluka −22, ndipo pomwepo mukanadziwa kuti diso laphonya. Chachiwiri, Sxy yochulukitsidwa ndi iyo yomwe singapose Sxx kuchulukitsa ndi Syy. Kwa ife 206 × 206 ndi 42436, pamene 78 × 550 ndi 42900. Yoyamba ndi yocheperapo, zili bwino, ndipo mukagawa yoyamba ndi yachiwiri mupeza nambala yotchedwa r², imene siingapose 1, kuno ndi 0.989, kusonyeza kuti mfundo zonse zili pafupi kwambiri ndi mzere. Koma tayesani kuwerenga 470 ngati 410, zimene zimachitikadi 7 ikalembedwa yoongoka. Sxx ikhala 18, si negetivi, yadutsa pa chipata choyamba. Pa chachiwiri igwidwa: 18 × 550 ndi 9900 basi, r² ituluka yoposa 4, chinthu chosatheka.

Pali zolakwika zina zimene zimadutsa zipata zonse ziwiri, ndipo n'zimene ndimaziopa. Werengani 1550 ngati 1530. Mwaphonya ndi 20 yokha, kungopitirira pang'ono 1 peresenti ya nambalayo. Koma mukachotsera 1344, Sxy ikhala 186 m'malo mwa 206, yatsika pafupifupi 10 peresenti, ndipo kupendekeka kwa mzere kutsika chimodzimodzi. Nayo r² ituluka 0.81, nambala yooneka bwinobwino yosakayikitsa munthu. Apa palibe masamu okupulumutsani. Mankhwala ake ndi kubwereranso ku chithunzi, kuwerenga nambala iliyonse kachiwiri, ndipo ngati ina yake siikuoneka bwino, kupempha chithunzi china chojambulidwa pafupi ndi powala. Zikakanika, lembani pamwamba pa yankho lanu kuti mwaiwerenga ngati 1550, kuti woona ntchito yanu adziwe pamene mwayambira.

Manambala akatsimikizika, kupendekeka kwa mzere ndi kugawa kumodzi:

```
b = Sxy/Sxx = 206/78 = 103/39 = 2.641026
a = ȳ − b x̄ = 24 − 2.641026 × 7 = 5.5128
```

Apa ndi pamene ambiri amafulumira kudula madesimali. Wina amati 2.641 ndi 2.6 basi, n'kupitiriza. Ndiye a imatuluka 24 kuchotsa 18.2, yomwe ndi 5.8, pamene yoona ndi 5.51. Chifukwa chake n'choti zimene mwadula pa b zimachulukitsidwa ndi avereji ya x zisanalowe mu a. Kuno avereji ndi 7 yokha. Ikanakhala kuti x ndi zaka monga 2015 ndi 2020, kadesimali kamodzi kotayidwa kakanachulukitsidwa ndi zikwi ziwiri, a n'kusokonekeratu. Sungani b ngati fulakishoni, kapena isiyeni mu kakyuleta mmene yatulukira, mudule pomaliza penipeni. Mwa fulakishoni a ndi 215/39, ndipo mzere wolemba pa yankho ndi uwu:

```
y = 5.51 + 2.64x
```

M'mawu, mbewu ikuwonjezera pafupifupi masentimita 2.64 pa sabata iliyonse.

Mabuku ena amalemba fomula ya b mwanjira ina, yopanda kugawa ndi n mkati. Pamwamba amaika nΣxy − (Σx)(Σy), pansi nΣx² − (Σx)². Ndi manambala athu pamwamba ndi 12400 − 10752, yomwe ndi 1648, pansi ndi 3760 − 3136, yomwe ndi 624, ndipo 1648 kugawa ndi 624 ndi 2.641 yomwe ija. Njira zonse ziwiri n'zolondola, ndipo iyi ndi yabwino pamene n siigawa manambala mopanda chotsala, chifukwa mumakhala ndi manambala athunthu mpaka pomaliza. Vuto limabwera munthu akatenga pamwamba pa njira ina ndi pansi pa inzake. Akagawa 206 ndi 624 apeza 0.33, akagawa 1648 ndi 78 apeza 21.1. Mukaona yankho lanu likusiyana ndi la mnzanu mwa kuchulukitsa kapena kugawa ndi n ndendende, musafufuze kutali, mwasakaniza njira.

Za zilembo, mungoyang'ana mmene funso lalembera. Ena amalemba y = a + bx, ena y = ax + b, ena y = mx + c, ndipo ma kakyuleta nawo amasiyana. Nambala yopendekeketsa mzere ndi imene yagundana ndi x, kaya aitcha chiyani. Onaninso kuti akufuna mzere wa y pa x. Akafuna wa x pa y, pansi pamakhala Syy, ndiye 206/550, yomwe ndi 0.375, ndipo umenewo ndi mzere wina, si woyamba uja wotembenuzidwa.

Poyesa ngati mwawerengera bwino, samalani ndi mayeso amene amangovomereza chilichonse. Mzere wa lisiti sikweya umakwaniritsa ziganizo ziwiri izi:

```
Σy  = na + bΣx
Σxy = aΣx + bΣx²
```

Anthu amakonda choyamba poti n'chosavuta, koma chilibe mano. Tengani mayankho odulidwa aja, b = 2.6 ndi a = 5.8. Muwerengere: 8 × 5.8 ndi 46.4, 2.6 × 56 ndi 145.6, pamodzi 192 ndendende. Chavomera yankho lolakwika! Sichingakane, chifukwa a munaipeza kuchokera ku b pogwiritsa ntchito chiganizo chomwecho, ndiye b iliyonse imene mungaike idutsa. Zili ngati kufunsa munthu kuti adzichitire yekha umboni. Chachiwiri ndicho chimaluma: 5.8 × 56 ndi 324.8, 2.6 × 470 ndi 1222, pamodzi 1546.8, yaperewera pa 1550. Ikani manambala osadula, 5.5128 ndi 2.6410, mupeza 308.72 kuphatikiza 1241.27, yomwe ndi 1549.99. Kusiyana kwa 0.01 kumeneko ndi kwa madesimali chabe. Dziwani kuti mayesowa akuona masamu anu okha. Ngati munakopera 1530, adzakuvomerani ndi 1530 yanuyo.

Gawo lotsala la funso linali sabata ya 11. Gwiritsani ntchito manambala osadula: 2.6410 × 11 ndi 29.051, kuwonjezera 5.513, mupeza masentimita 34.56. Njira ina yachangu ndi kuyambira pa avereji: 11 yaposa 7 ndi 4, ndiye 24 kuwonjezera 4 × 2.641, yomwe ndi 34.56 yomweyo, ndipo njira imeneyi siidalira a n'komwe.

Mafunso ambiri amawonjezera kuti, kodi yankholi n'lodalirika? Pokhala mulibe tebulo, simukuona x yaing'ono ndi yaikulu mwa zimene anayeza, komabe Sxx ikupatsani malire. Poti 78 ndi masikweya onse a mitunda ya ma x kuchokera pa avereji ataphatikizidwa, palibe x imodzi imene sikweya ya mtunda wake ingapose 78. Sikweya ruti ya 78 ndi 8.8, choncho ma x onse ali pansi pa 7 kuwonjezera 8.8, yomwe ndi 15.8. Funso likati muyerekeze kutalika pa sabata ya 30, fomula idzakupatsani masentimita 84.7 mosanyinyirika, koma mungathe kulemba motsimikiza kuti 30 ili kunja kwa masabata amene anayeza, ndipo palibe umboni woti mbewu imapitiriza kukula pa liwiro lomwelo. Za 11 mungati ili pafupi ndi avereji, mtunda wa 4 pamene kamwazikidwe ka ma x ndi pafupifupi 3.1 (sikweya ruti ya 78/8), ndiye ndi r² ya 0.989 yankho la 34.6 mungaliikire kumbuyo.