Momwe mungasiyanitsire ntchito zinayi za manijala pa funso losankha yankho

Amene mukuphunzira kayendetsedwe ka bizinesi ku Tete, ku Moatize kapena ku Ulongwe mwina funso ili mwakumana nalo kale. Amakufotokozerani zimene manijala, yemwe kuno timati jerenti, wachita tsiku lina, kenako n'kukupatsani mayankho anayi kuti musankhepo limodzi: kupanga mapulani, kuyala dongosolo, kutsogolera, kapena kuwunika. Pa pepala la Chipwitikizi ndi mawu aja akuti pulaneyari, oroganizari, dirijiri ndi kontorolari. Matanthauzo ake aliyense amaloweza. Koma funso likabwera ngati kankhani, mayankho awiri kapena atatu amaoneka olondola, ndipo munthu amangolota.

Magawowa adachokera kwa Henri Fayol, Mfalansa amene ankayendetsa kampani ya migodi ya malasha ndi zitsulo. M'buku lake la mu 1916 iye adatchula ntchito zisanu, ndipo olemba a pambuyo pake adaziphatikiza kukhala zinayi. Ichi n'chifukwa chake mapepala ena amati kulamula, ena kuwongolera, ena kutsogolera, chonsecho akunena gawo limodzi lomwelo lachitatu.

Tiyeni titenge manijala mmodzi wongopeka tiyende naye. Ndi mayi amene amayendetsa malo ogulira mbatatesi ku Ulongwe. Amagula kwa alimi a ku Angonia ndi ku Tsangano n'kumatumiza pa lole ku misika ya mumzinda wa Tete.

Choyamba: musamasulire funso m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku

Ambiri timawerenga funso m'Chipwitikizi koma kuganiza kwake timaganiza m'chinenero chathu, ndipo msampha uli pomwepo. Mawu akuti kukonza amanyamula zinthu zitatu. Timakonza ulendo wa mawa, timakonza katundu m'nyumba, timakonzanso chimene chalakwika. Koyambako ndi mapulani, kwachiwiriko ndi dongosolo, kwachitatuko ndi kuwunika. Mukangonena mumtima kuti "mayiwa akukonza zinthu", mwasokoneza kale mayankho atatu.

Kuyang'anira nakonso n'chimodzimodzi. Kapitawo amene waima pakati pa anyamata n'kumawauza mopakirira matumba timati akuyang'anira. Kalaliki amene akuwerenga matumba aja n'kumayerekeza ndi zimene zalembedwa m'buku timatinso akuyang'anira. Woyambayo akutsogolera, wachiwiriyo akuwunika. Ndipo kontorolari wa m'kalasi si uja wa pamsewu, wotanthauza kupondereza anthu kapena kuwagwira pakhosi. Bwana wolalata sindiye kuti akuwunika.

Chachiwiri: pezani chimene manijala wachita, osati chimene nkhani ikukamba

Dulani mzere kunsi kwa mneni amene mwini wake ndi manijala. Zina zonse, monga ndalama, antchito, msonkhano kapena lole, zisiyeni kaye, chifukwa zimapezeka m'magawo onse anayi.

Bajeti ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Mayi athu aja akakhala pansi mu Epulo n'kulemba kuti nyengo ino agwiritsa ntchito mametikali 900,000 pogula mbatatesi, akupanga mapulani. Akagawa ndalamazo kwa ogula awo atatu, n'kunena kuti aliyense ali ndi mphamvu yolipira mpaka pakuti osapempha chilolezo, akuyala dongosolo. Akatenga malisiti kumapeto kwa Juni n'kuona kuti zapita 520,000 pamene amayembekezera 450,000, akuwunika. Bajeti ndi imodzi, mayankho ndi atatu. Msonkhano nawo sunena kanthu pawokha mpaka mutadziwa chimene chidachitika mu msonkhanomo.

Chenjeraninso ndi mchira wa chiganizo, uja woyamba ndi "pofuna kuti" kapena "n'cholinga choti". Funso likati mayiwa asamutsa anyamata awiri kuchoka kosankha mbatatesi kupita kopakira pofuna kuti akwanitse matumba 600 pa sabata, maso amathamangira pa 600 n'kusankha mapulani. Koma chiwerengerocho chidaikidwa kale. Chimene achita lero n'kusamutsa anthu.

Chachitatu: funsani kuti manijala akamaliza, chatsala m'manja n'chiyani

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho tichedwepo.

Ngati chatsala ndi cholinga kapena njira yokafikira pa cholingacho, pa zinthu zimene sizinachitike, yankho ndi mapulani. Matumba angati, pofika liti, kugula kwa alimi a dera liti, kugulitsa ku Tete kokha kapena kuyesanso ku Moatize. Palibe munthu amene wapatsidwa ntchito, palibe chimene chayezedwa. Kulosera mitengo ya mwezi wa mawa kulinso momwemu.

Ngati chatsala ndi yankho la mafunso akuti ndani achite chiyani, ndi chipangizo chiti, ndipo aziyankha kwa yani, ndi dongosolo. Mayiwa akaika anthu anayi pa sikelo, asanu ndi mmodzi posankha, n'kunena kuti onsewa azimvera kapitawo mmodzi, achita zimenezi. Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: chotsani munthuyo muikepo wina, muone ngati chimene manijala wachita chikhalabe. Udindo wa pa sikelo ukhalapobe ngakhale mnyamata wa pa sikeloyo atapita kukasaka ganyu ku migodi. Dongosolo limakhudza mipando, osati mitima ya okhala pa mipandoyo. Kulemba anthu ntchito kumagwera muno ngati mayankho ali anayi okha. Mabuku ena amakupatsa gawo lakelake, ndiye onani kaye ngati pa mayankhopo palibe lonena za kulemba antchito.

Ngati chasintha ndi mtima, chidwi kapena kumvetsa kwa munthu, ndi kutsogolera. Kulimbikitsa otopa, kuyamikira, kufotokozera antchito chifukwa chake akuyenera kuyamba mbandakucha sabata ino, kulangiza wofooka, kuyanjanitsa dalaivala ndi opakira amene akangana. Apa mukachotsa munthuyo, ntchito ya manijala yapita naye limodzi, chifukwa mawu aja adalankhulidwa kwa iyeyo.

Kuwunika ndiko kosavuta kukuzindikira mukadziwa chizindikiro chake. Pamakhala zinthu ziwiri zoyerekezedwa: chimene chimayenera kuchitika ndi chimene chachitikadi. Amafuna matumba 600, apeza 480. Thumba limayenera kulemera makilogalamu 50, sikelo yaonetsa 46. Sikuti nthawi zonse zimakhala nambala, chifukwa kuona ngati opakira atsata lamulo losaponya matumba pansi ndi kuyerekezanso. Koma mukasowa muyezo m'funsomo, kayikirani yankho limeneli.

Chachinayi: mukatsala ndi awiri, yang'anani chimene chidayambitsa

Pali malire awiri ovuta zedi.

Oyamba ali pakati pa mapulani ndi kuwunika. Mabuku ambiri amati kuwunika kuli ndi masitepe anayi: kuika muyezo, kuyeza zimene zachitika, kuyerekeza, ndi kuchitapo kanthu pa kusiyanako. Ndiye kuika muyezo kuli mbali iti, popeza kumafanana ndi kuika cholinga? Ine ndimatsata mawu a funsolo. Likamakamba za kumene bizinesi ikufuna kukafika, ndimasankha mapulani. Likanena kuti muyezowo ndi woti aziyezera ntchito, monga kuti mbatatesi zoola zisapitirire matumba 3 pa 100 alionse ndipo aziwerenga lole iliyonse ikafika, ndimasankha kuwunika.

Sitepe lachinayi lija nalo limasokoneza, chifukwa kuchitapo kanthu kumatha kuoneka ngati gawo lina lililonse. Funso likayamba ndi kuyeza, kenako kupeza kusiyana, kenako kukonza, zonsezo ndi kuwunika, ngakhale kukonzako kutakhala kusintha anthu. Likangonena za kusintha anthu popanda kuyeza kulikonse, ndi dongosolo.

Malire achiwiri ali pakati pa dongosolo ndi kutsogolera, makamaka pa nkhani yopatsa munthu ntchito. "Kuyambira lero iwe ndiye woyang'anira sikelo, ndipo uli ndi mphamvu yobweza thumba losakwana" ndi dongosolo, chifukwa apereka udindo ndi mphamvu. Kuima naye pa sikelopo, kumuonetsa mochitira ndi kumulimbitsa mtima pamene alimi akumukalipira ndi kutsogolera.

Tiyese funso lathunthu

Nali funso longa la pa mayeso. Lolemba m'mawa manijala wa malo ogulira mbatatesi ku Ulongwe adalandira lipoti lakuti pa matumba 200 amene adafika ku Tete, 14 adali oola. Lamulo la kampani limalola matumba 3 pa 100 alionse. Atafufuza adapeza kuti matumba ankapakiridwa mbatatesi zisanaume, ndipo adalamula kuti ziziyanikidwa kaye pamthunzi zisanalowe m'thumba. Kodi manijalayu ankachita ntchito iti?

Tiyambe ndi aneni. Adalandira lipoti, adafufuza, adalamula. Mawu akuti adalamula akukokerani ku kutsogolera, ndipo wolemba funso adawaika dala. Lamulo latsopano loyanika nalo likuoneka ngati pulani, popeza likunena za m'tsogolo. Tsono funani zinthu ziwiri zoyerekezedwa. Zilipo. Pa matumba 200 lamulo limalola 6, koma aola 14, kutanthauza 7 pa 100 alionse m'malo mwa 3. Kulamula kuja kudabadwa kuchokera pa kusiyana kumeneku, choncho ndi sitepe lomaliza la kuwunika. Yankho ndi kuwunika.

Tsopano tisinthe pang'ono. Tichotse lipoti ndi nambala zonse, funso lingoti manijala adaitana opakira, adawafotokozera mmene mbatatesi zonyowa zimaolera m'thumba pa kutentha kwa ku Tete, adamva madandaulo awo akuti kuyanika kuwachedwetsa kuweruka, mpaka onse adagwirizana nazo. Muyezo palibe, udindo sunasinthe, chasintha ndi kumvetsa kwa anthu. Kumeneko ndi kutsogolera.

Tisinthenso. Manijala adapatula anthu atatu kuti akhale gulu loyanika, adawapatsa malona awiri ndi shedi ya kuseri, n'kunena kuti aziyankha kwa kapitawo wa kosankha. Anthu, zipangizo, woyankha kwa iye: dongosolo.

Pomaliza, mvula isanathe manijala adakhala pansi n'kutsimikiza kuti chaka chino atumiza matumba 600 pa sabata, ndipo theka lake ligulidwa ku Tsangano. Palibe lole yanyamuka, palibe thumba lawerengedwa. Amenewo ndi mapulani.

Nthawi zina funso limakhala lalitali, lofotokoza tsiku lonse la manijala, magawo onse anayi ali momwemo. Zikatero musasankhe chimene chatenga mizere yambiri. Bwererani ku chiganizo chofunsacho, chifukwa kawirikawiri chimaloza malo amodzi, monga "pamene adayerekeza malisiti" kapena "pa zimene adachita masana". Werengani chiganizo chimenecho poyamba, kenako mukafune mneni wake m'nkhanimo.