Kuwerenga odiyogiramu: kodi vuto lili m'njira ya mawu kapena mkati mwenimweni mwa khutu?

Anamwino ndi makilinikala ofesala ambiri m'chigawo chino cha Kum'mawa amatumiza odwala makutu ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo wodwalayo akabwerako amatambasula pepala lokhala ndi mizere, timikombero tofiira ndi timitanda ta buluu. Pepala limenelo ndilo odiyogiramu, ndipo nthawi zambiri limangolowetsedwa m'khadi popanda woliwerenga. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa pepalalo limayankha funso limene wodwala kapena kholo lake adzakufunsani inuyo: kodi khutu limeneli lingachire ndi mankhwala kapena opaleshoni, kapena lifunika kachipangizo kothandiza kumva?

Manambala a pamwamba pa pepala, oyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiwo kasongokedwe ka mawu, kolembedwa mu Hz: 250, 500, 1000, 2000, 4000 ndi 8000. Kumanzere kuli mawu akuya onga a ng'oma yaikulu, ndipo kumanja kuli mawu osongoka onga kulira kwa nkhululu. Manambala otsika m'mbali, olembedwa dB HL, ndiwo mphamvu ya mawu, ndipo 0 ali chakumwamba pamene 120 ali pansi. Chizindikiro chilichonse chimaikidwa pa mawu apansipansi amene munthuyo anatha kumva, choncho chizindikiro chikatsika m'munsi ndiye kuti anafunika mawu amphamvu kuti amve. Ambiri amasokonezeka apa poyesa kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino, pamene zoona zake n'zakuti mzere wotsika ndiwo khutu lovutika.

Khutu lililonse limayezedwa kawiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Poyamba munthu amavala mahedifoni, ndipo mawu amadutsa njira yonse ya chibadwa, kuyambira m'mpita wa khutu, pa nembanemba, pa timafupa titatu ta m'khutu lapakati, mpaka kukafika ku kokiliya, chiwalo cholandira mawu cha mkati mwenimweni mwa khutu, ndi ku mtsempha wa kumva. Uku ndiko kuyeza kwa mumpweya, ndipo khutu lamanja limalembedwa ndi O wofiira, lamanzere ndi X wa buluu. Kachiwiri woyeza amaika kachipangizo konjenjemera pa fupa la kuseri kwa khutu, ndipo mawu amalowa m'chigaza n'kukafika ku kokiliya osadzera ku nembanemba. Uku ndiko kuyeza kwa mufupa, komwe kawirikawiri kumachitika kuyambira 250 kapena 500 mpaka 4000 Hz. Mapepala ambiri amalemba < kumanja ndi > kumanzere, ndipo ngati khutu linalo linatsekedwa ndi phokoso poyeza amalemba [ ndi ]. Mapepala otsata kalembedwe ka ku Britain amaika kachizindikiro ka ngodya zitatu pa mufupa, pamene pa mapepala ena kachizindikiro komweko kamatanthauza zina, choncho musanawerenge chilichonse yang'anani kabokosi kofotokoza zizindikiro kamene kali papepalapo.

Mzere wa mumpweya umakuuzani kukula kwa vuto, ndipo mzere wa mufupa umakuuzani kumene vutolo lili. Ngati mufupa munthu akumva bwino, pa 20 dB kapena kuchepera apo, koma mumpweya mzere watsika n'kusiya mpata woposa 10 dB pakati pa mizere iwiriyo, ndiye kuti kokiliya ili bwino ndipo chinachake chikutchinga mawu panjira. Limeneli ndilo vuto la kondakitivi. Ngati mizere iwiriyo yatsikira limodzi, yosasiyana kuposa 10 dB, njira ndi yotseguka koma cholandira mawu ndicho chawonongeka, ndipo limeneli ndilo vuto la sensorinyuro. Mizere yonse ikatsika koma mpata n'kukhalapobe, mavuto onse awiri alipo pamodzi.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 11 wochokera cha ku Chadiza, amene khutu lake lamanzere lakhala likutuluka mafinya kwa zaka ziwiri, ndipo aphunzitsi ake akuti samvetsera m'kalasi. Kumanja ma O onse ali pakati pa 10 ndi 15 dB, kotero khutu limenelo lilibe vuto. Kumanzere ma X ali pa 45 dB pa 500 Hz, 45 pa 1000, 35 pa 2000 ndi 40 pa 4000. Kuti mupeze kukula kwa vuto, phatikizani manambala anayiwo n'kugawa ndi 4: 165 kugawa ndi 4 akupatsani pafupifupi 41 dB. Malinga ndi magawo amene bungwe la WHO linafalitsa mu 2021, kuchepera 20 dB ndi kumva bwino, 20 mpaka 34 ndi vuto lochepa, 35 mpaka 49 ndi lapakatikati, ndipo magawo enawo amakwera ndi 15 dB mpaka kufika pa 95, pamene khutu limatengedwa kuti silimva konse. Mwanayu choncho ali ndi vuto lapakatikati kumanzere. Tsopano onani zizindikiro ] za mufupa, zimene zili pa 10, 10, 15 ndi 10 dB. Mukachotsera, mipata ndi 35, 35, 20 ndi 30 dB, ndipo kokiliya yake ili bwinobwino. Zimenezi ziyenera kugwirizana ndi zimene mwaona ndi otosikopu, monga chiboo pa nembanemba. Kwa makolo ake uthenga ndi wa chiyembekezo, wakuti khutu liumitsidwe ndi kupukuta komanso mankhwala odontheza oyenera, lisalowe madzi posamba ndipo lisatsukidwe ndi sirinji, ndipo likauma a dokotala a makutu aone ngati nembanembayo ingakonzedwe. Pakadali pano akhale kutsogolo m'kalasi, khutu lamanja litaloza kwa aphunzitsi.

Yerekezani ndi abambo a zaka 48 amene akhala zaka zambiri akugwira ntchito pa chigayo ku Katete, amene dandaulo lawo n'lakuti mawu amawamva koma satolapo kanthu anthu akamalankhula pa gulu, ndiponso m'makutu mumalira. Makutu onse awiri afanana: mumpweya 15 dB pa 500 Hz, 20 pa 1000, 35 pa 2000, 60 pa 4000, kenako mzere ukukweranso kufika pa 40 pa 8000. Mufupa muli 15, 15, 35 ndi 55. Mpata sukuposa 5 dB paliponse, choncho ndi vuto la sensorinyuro, ndipo chigwa cha pa 4000 Hz chimene chikukweranso pa 8000 ndi chizindikiro chodziwika cha phokoso la nthawi yaitali. Manambala anayi aja akupatsani pafupifupi 33 dB, vuto lochepa, koma nambala imeneyo yokha ingakunamizeni, chifukwa timamvekedwe tosongoka ta m'chilankhulo, monga s, f ndi ts, tili m'dera lomwe lawonongekalo. Abambowa musawapatse mankhwala odontheza pofuna kuwasangalatsa, popeza sadzawathandiza. Afunika zotseka m'makutu pa ntchito kuti zotsalazo zisawonongeke, komanso kuyezedwa kuti apatsidwe kachipangizo kothandiza kumva. Ukalamba nawo umatsitsa mzere kumanja kwa pepala, koma umangotsetsereka osakweranso pa 8000, ndipo mankhwala monga jentamaisini, sitireputomaisini ndi kanamaisini amayambanso kuwononga mawu osongoka, choncho nthawi zonse funsani za majakisoni amene munthu analandirapo.

Pali msampha umodzi umene ndifuna muusamale kuposa ina yonse. Kachipangizo ka mufupa kakanjenjemera, chigaza chonse chimanjenjemera, ndipo kokiliya zonse ziwiri zimalandira mawuwo pafupifupi mofanana, kaya kaikidwa kumanja kaya kumanzere. Yoyankha ndi kokiliya imene ili bwino. Mawu a m'mahedifoni nawo akakula amawolokera kutsidya linalo, atachepa ndi 40 dB kapena kuposerapo. N'chifukwa chake woyeza amayenera kuika phokoso longa mathithi m'khutu losayezedwa kuti lisayankhe m'malo mwa linzake, ndipo iwo amati masikingi. Taganizirani munthu amene khutu lamanzere linafa kotheratu atadwala matenda oumitsa khosi ali mwana, pamene lamanja lili bwino. Akayezedwa popanda masikingi, ma X angapezeke cha pa 55 kapena 60 dB ndipo > pa 10 dB, n'kuoneka ngati vuto la kondakitivi lokhala ndi mpata waukulu, chonsecho mayankho onsewo achokera ku khutu lamanja. Munthu wotere angauzidwe kuti opaleshoni idzamuchiritsa, n'kugulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya ulendo wa ku Lusaka pachabe. Choncho mukaona makutu awiri asiyana ndi 40 dB kapena kuposa, kapena mukaona mpata pakati pa mufupa ndi mumpweya, fufuzani ngati zizindikirozo zili za masikingi. Ngati muli < ndi > zokha, musamuuze wodwala mtundu wa vuto lake mpaka ayezedwenso.

Mungathe kutsimikiza nokha pa kiliniki ndi foloko yachitsulo yolira pa 512 Hz. Igundeni pang'ono pa chigongono chanu n'kuimika tsinde lake pakati pa mphumi, ndipo mufunse kumene mawu akumveka kwambiri. Kuyeza kumeneku kumatchedwa Weber. Pa vuto la kondakitivi la khutu limodzi mawu amapita ku khutu lodwala, kotero mtsikana wa ku Chadiza uja adzaloza kumanzere, mwina mozengereza chifukwa iye mwini zidzamudabwitsa. Pa vuto la sensorinyuro mawu amapita ku khutu labwino, kotero munthu wa khutu lakufa uja adzaloza kumanja, ndipo pomwepo mudzadziwa kuti pepala lanama. Kuyeza kwina kotchedwa Rinne, koyerekeza mmene foloko imamvekera pa fupa la kuseri kwa khutu ndi pafupi ndi mpita wa khutu, pakokha sikungakupulumutseni apa, chifukwa foloko ikaikidwa kuseri kwa khutu lakufa, linzake limamva n'kupereka yankho longa la kondakitivi.

Pali malire enanso a manambala amene amathandiza kugwira zolakwika. Vuto la kondakitivi lokha siliposa pafupifupi 60 dB, choncho mzere wa mumpweya ukafika pa 80 kapena 90 dziwani kuti kokiliya nayonso yakhudzidwa, ngakhale nembanemba ikhale yobooka. Pa 250 ndi 500 Hz, munthu wosamva kwambiri amatha kumva kunjenjemera pakhungu n'kukweza dzanja, zimene zimapanga mpata wabodza kumanzere kwa pepala. Ngati kuyezako kunachitikira m'chipinda cha phokoso, pafupi ndi jenereta kapena khonde la odwala, mawu akuya amaoneka otsika ngakhale khutu lili bwino. Phula lodzaza m'khutu nalo limabweretsa mpata weniweni umene umatha phulalo likachotsedwa, n'chifukwa chake muyenera kuyang'ana m'khutu musanatumize munthu kukayezedwa.

Mitundu iwiri ya mapepala siyenera kudikira tsiku la kiliniki yotsatira. Woyamba ndi wa munthu amene khutu limodzi latseka mwadzidzidzi, m'masiku atatu kapena kuchepera, nembanemba ikuoneka bwino, Weber ikupita ku khutu linalo, ndipo mizere yonse iwiri yatsika ndi 30 dB kapena kuposa pa manambala atatu oyandikana. Ameneyu atumizidwe kwa a dokotala a makutu tsiku lomwelo, ngakhale pepala lisanapezeke, chifukwa mankhwala ake amathandiza kwambiri akaperekedwa m'masabata awiri oyamba. Wachiwiri ndi wa vuto la sensorinyuro limene lakula mbali imodzi popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati pali kulira m'khutu lomwelo kapena chizungulire, popeza pamafunika kufufuza mtsempha wa kumva. Pa kalata yotumizira lembani tsiku limene vuto linayamba, zimene mwaona pa nembanemba, mbali imene Weber yapita, ndi mankhwala onse amene wodwalayo walandira m'miyezi yapitayi.