Momwe mungachotsere wantchito pa tsamba la Facebook la bizinesi akamasiya ntchito

Ndili ndi shopu ya mbewu ndi mankhwala a ziweto pa Ngabu, ndipo maoda ambiri amabwera kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Mnyamata amene ankayendetsa zimenezi atapeza ntchito ku Nchalo, ndinaona zakuda. Chonde chitani izi tsiku limene munthu akutsanzika, mutakhala naye pamodzi, foni yake ili m'manja, asanakwere minibasi.

Yambani mwaona amene ali ndi mphamvu pa tsambalo. Lowani mu tsambalo, pitani pa Settings, kenako Page setup, kenako Page access. Onetsetsani kuti dzina lanu lili ndi full control. Ngati lilibe, iyeyo akuitaneni podina Add New, akupatseni mphamvu zonse, inu muvomereze. Mukatero dinani timadontho titatu pambali pa dzina lake, sankhani Remove access, lembani pasiwedi yanu, basi wachoka. Musazengereze, chifukwa munthu wa full control angathe kukuchotsani inuyo eni ake.

Ine izi ndinachita bwinobwino. Pamene ndinagwa mpa simu khadi. Nambala ya WhatsApp Business yomwe inali pa tsambalo, yomwenso tinalemba pakhoma la shopu, anailembetsa ndi chiphaso chake cha unzika. Kwa kampani ya foni, nambalayo inali yake. Milungu iwiri foni ya pashopu inangoti zii, ine n'kumati ndi nyengo ya njala. Ndinadzidzimuka bambo wina wa ku Bangula atafika pa njinga yamoto, thukuta lili kamukamu, akufuna dibi wa ng'ombe amene anati analipira kale pa nambala ija. Ndinawapatsa dibiyo, manyazi atandigwira.

Choncho fufuzani kuti simuyo ili m'dzina la ndani. Ngati ndi yake, gulani ina m'dzina lanu, ndipo pa foni imene muli WhatsApp lowani pa Settings, Account, Change number. Mulemba nambala yakale ndi yatsopano, khodi ibwera pa yatsopanoyo, ndipo pali posankha kuti makasitomala adziwitsidwe. Onetsetsani kuti WhatsApp ili pa foni ya shopu musanachite zimenezi, kuti macheza akale asatsalire kwa iye. Sinthaninso nambala pa tsamba lija, pakhoma, ndi yolandirira ndalama.

Samalani ndi anyamata ena apamsika amene amati amabweza masamba otayika. Wina anandiuza K30,000, n'kufunanso pasiwedi yanga. Musapereke.

Zotsalazi n'zachangu. Mu WhatsApp, pa Linked devices tulutsani chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa, ikani pini yanu ya manambala 6 pa Two-step verification, ndipo ngati munkabwerekana pasiwedi ya Facebook kapena ya imelo, isintheni lero. Ngati tsambalo lili mu Meta Business Suite, muchotseninso wantchitoyo pa People.