Momwe mungachotsere chizungu chamakedzana mu imelo yofunsira ntchito

Makalata ambiri ofunsira ntchito kuno ku Mzuzu amafanana chiyambi chake, kaya wolemba ndi wa ku Chibavi, Katoto kapena Luwinga, poti tonse timangokopera kalata yomwe ija inatsala pa kompyuta ya pa kafe, timangosintha dzina basi. Vuto si galamala ayi. Vuto ndi loti mizere yoyamba imathera kupempha ndi kutamanda bwana, pamene wowerengayo ali ndi mulu wa maimelo ndipo akungofuna adziwe ntchito yomwe mukufuna komanso zomwe mumatha.

Tiyerekeze mtsikana wina ali ndi dipuloma ya akaunti, waona ntchito mu nyuzipepala ya The Nation, ndiye walemba chonchi: "Respected Sir, With reference to the above subject matter, I humbly beg to apply for the above mentioned post in your esteemed organisation. I am a God-fearing Malawian lady aged 26."

Choyamba konzani moni. "Respected Sir" chotsani, mwina wowerengayo ndi mayi. Ngati pa chilengezo alemba dzina, ligwiritseni ntchito, "Dear Mr" kapena "Dear Ms" kenako dzina la bambo awo, ndipo kumapeto mutseke ndi "Yours sincerely". Ngati dzina palibe lembani "Dear Hiring Manager" kapena "Dear Sir or Madam", uyu wachiwiriyu amayenda ndi "Yours faithfully". Pa imelo "Kind regards" amakwananso bwinobwino.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, fufutani kupempha konse. Ife tinakula ndi ulemu wodzichepetsa, pamaso pa akulu umayamba ndi pepani, ndiye tikamalemba chizungu timafuna ulemu womwewo uoneke, mpake timakonda "humbly" ndi "beg". Koma mawu amenewa ndi a makalata a m'maofesi a nthawi ya atsamunda, eni chilankhulo anawasiya kalekale, ndipo lero amamveka ngati munthu akupempha chithandizo osati akubweretsa luso. Ulemu wa mu imelo ndi kusamutayitsa nthawi wowerenga. Mtsikana uja angolemba: "I am applying for the Accounts Assistant position advertised in The Nation." Atchulenso tsiku la nyuzipepalayo, ndi nambala ya ntchito ngati ilipo. "Above mentioned" ndi "above subject matter" amamukakamiza munthu kubwerera m'mwamba kukayang'ana, bwanji osangotchula ntchitoyo? "Esteemed" naye achoke, ikani dzina lenileni la kampani.

Chachitatu, malo omwe atsala opanda kanthuwo ikanipo umboni. Zaka zanu, mpingo wanu, zoti ndinu Mmalawi, sizikufunika pokhapokha chilengezo chafunsa. Nayenso "I am hardworking, honest and a team player" aliyense amalemba, ngakhale waulesi weniweni. M'malo mwake nenani zomwe munagwira: "For two years I handled petty cash and monthly bank reconciliations for a hardware shop in Mzuzu, using Excel." Mzere umodzi umenewu ukunena nthawi, ntchito ndi chida. Ngati mwangomaliza kumene sukulu, tchulani za ku atachimenti, bola zikhale zoona chifukwa pa intavyu adzakufunsani.

Za mafayilo musavutike nazo. "Please find attached herewith my CV for your kind perusal" asanduke "I have attached my CV and certificates." Ndipo onetsetsani kuti mwaikadi, mu PDF, dzina lanu lili pa fayilo osati "scan0001".

Potseka, "Thanking you in anticipation", "Hoping my application will meet your favourable consideration" ndi "Your obedient servant" onsewa apume. Lembani "I would welcome the chance to discuss this role", moni wotsekera, dzina ndi nambala ya foni.

Musanatumize werengani mokweza, muone ngati mzere uliwonse mungaunene pakamwa mutakhala pamaso pa bwanayo mu ofesi. Palibe amanena "herewith" pakamwa. Koma musapitirirenso muyeso, "Hi", "pliz", "thanx" ndi tizithunzi ta pa WhatsApp siyani konko.

Chenjezo limodzi lokha: ntchito za boma ndi mabungwe ena amafunabe kalata yeniyeni yokhala ndi maadiresi, tsiku ndi mutu, ngati ija ya ku MSCE. Zikatero tsatirani zomwe anena, kalatayo ikhale fayilo payokha, imelo ikhale ya mizere itatu kapena inayi, ndipo pa "Subject" mulembe dzina la ntchito ndi lanu. Maonekedwe a kalata akhale akalewo, koma "humbly beg" asalowemo ngakhale m'menemo.