Limoti ikasowa, foni itha kugwira ntchito yake

Musanadawunilode app iliyonse yang'anani kaye pamwamba pa foni yanu, ngati pali kadontho kakuda ngati kagalasi ndiye kuti mwina ili ndi IR, kuwala kosaoneka komwe limoti imagwiritsa ntchito polamula TV, mafoni ambiri a Xiaomi ndi Redmi ali nako. Tsegulani app ya Mi Remote, sankhani TV ndi mtundu wake, lozetsani foni ku TV nkudina batani la power, ikapanda kuyaka yesani kodi yotsatira mpaka itheke, pamenepa sipafunikanso Wi-Fi ayi. Foni yopanda kadonthoka singalamule TV yakale olo mutayikamo ma app khumi, musamalize bandulo pachabe.

Koma ikakhala smart TV ya Android ikani Google TV pa foni, zonse zikhale pa Wi-Fi imodzi, kenako lembani kodi yomwe yatuluka pa sikirini ya TV. TV ikapanda kuoneka mu app ya Google TV, kawirikawiri foni imakhala idakali pa data.