Kufikira mafayilo a kunyumba ku Mzuzu muli kunja: VPN kapena kutsegula mapoti a rauta

Abale anga amene muli ku Joni, ku Dubai kapena ku Ulaya, ndipo munasiya kunyumba kabokosi kosungira mafayilo ka NAS, ndikulemba izi mtima ukuwawabe. Kanga ndinakasiya ku Katoto m'manja mwa mng'ono wanga, muli zikalata za malo, malisiti a nyumba imene ndikumanga ku Luwinga ndiponso zithunzi za banja.

Nditafuna kumaona mafayilowo ndili kuno, mng'ono wangayo anaitana mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni, amene anatilipiritsa ndalama zambiri, natigulitsanso adiresi ya intaneti yoonekera kunja. Ntchito yake yonse inali kulowa mu rauta ndi kutsegula mapoti awiri, amene ali ngati makomo olowera kuchokera pa intaneti: `445`, imene makompyuta amagawanirana mafayilo, ndi ina ya tsamba loyendetsera kabokosiko. Dzina lolowera analisiya `admin`, ndipo pasiwedi inali nambala yake ya foni. Kwa miyezi ingapo ndinkamuyamikira, mpaka tsiku lina ndinapeza mafayilo onse atasinthidwa mayina, osatseguka, pali kakalata kofuna dipo. Nditamuimbira anayankha kuti mwina ana anadina zinazake, kenaka anasiya kuyankha foni. Titaona kaundula wa olowa m'kabokosiko, tinapeza mizere yosawerengeka ya anthu oyesa mapasiwedi usana ndi usiku kuchokera ku maadiresi achilendo, kuyambira sabata imene iye anabwera.

Musamadzinamize kuti palibe amene angasamale za kabokosi ka ku Mzuzu. Akubawo sasankha munthu, popeza ali ndi mapulogalamu amene amagogoda pa adiresi iliyonse ya pa intaneti, ndipo poti yotsegula imayankha aliyense. Mu Januwale 2022 pulogalamu yotchedwa DeadBolt inatseka mafayilo pa mabokosi a NAS a kampani ya QNAP masauzande angapo amene anali poyera chotere, ndipo inalowera pa chilema cha pulogalamu ya m'kabokosimo, kotero kuti pasiwedi yabwino sinathandize. Kusintha nambala ya poti nakonso ndi kubisala kumbuyo kwa chala.

Njira yabwino ndi VPN, ndipo imene ndikunena si ija yolipira yoonera mpira wa kumayiko ena, koma yanuyanu, yolumikiza foni kapena laputopu yanu ndi nyumba yanu. Ine ndimagwiritsa ntchito WireGuard. Nayonso imafuna poti imodzi, kawirikawiri `51820` ya UDP, koma kusiyana kwake n'kwakuti siyankha chilichonse kwa munthu amene alibe kiyi yolondola, choncho wogogoda amaona ngati palibe khomo. Tsekani mapoti ena onse, zimitsani `UPnP` mu rauta kuti kabokosiko kasamadzitsegulire mapoti kokha, ndipo pangani kiyi yakeyake ya chipangizo chilichonse, kuti foni ikabedwa mungofufuta kiyi imodziyo.

Musanalipire munthu aliyense, uzani wa kunyumba aone mu rauta adiresi ya `WAN`, imene rautayo imapatsidwa ndi kampani ya intaneti. Ikakhala pakati pa `100.64` ndi `100.127`, kapena ikayamba ndi `10.`, ndiye kuti mukugawana adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri, monga zimakhalira nthawi zambiri pa intaneti ya simukhadi. Pamenepo palibe poti imene ingatsegulike, ndipo wokuuzani kuti atsegula akungofuna ndalama zanu. Njira yake ndi Tailscale, imene inamangidwa pa WireGuard yomweyo: mumaiika m'kabokosi ndi m'foni pa akaunti imodzi, ndipo mbali zonse zimatuluka zokha kukakumana popanda kukhudza rauta. Tetezani akauntiyo ndi khodi yachiwiri, chifukwa woilowa walowa m'nyumba mwanu.

Chimene chinanditayitsa masiku awiri n'chakuti rauta ya kuno ndi ya ku Katoto zonse zinali ndi maadiresi a m'nyumba ofanana a `192.168.1.x`, choncho laputopu inkafunafuna kabokosiko m'chipinda changa chomwe chino. Tinasintha ya ku Katoto kukhala `192.168.47.x`, ndipo mu fayilo ya WireGuard ya pa laputopu ndinalemba:

```
AllowedIPs = 192.168.47.0/24
PersistentKeepalive = 25
```

Zikakana, lembani `wg show` pa laputopu muli ndi mphamvu za admin ndipo muyang'ane mzere wa `latest handshake`. Ukasowa, ndiye kuti simunafike n'komwe kunyumba: mwina magetsi azima, bando yatha, adiresi ya kunyumba yasintha kapena kiyi yalakwika. Ukaoneka koma mafayilo osatseguka, vuto lili pa maadiresi a m'nyumba aja.

Za liwiro musaimbe mlandu VPN, chifukwa chimene chimalamula ndi mphamvu imene intaneti ya kunyumba imatumizira zinthu kunja. Ngati imatumiza mamegabiti 5 pa sekondi, fayilo ya gigabayiti imodzi idzatenga mphindi pafupifupi 27, ndipo bando imene ikudyeka ndi ya mng'ono wanu, choncho muzimuchenjeza musanayambe kukoka mavidiyo.